Tchuthi cha uchembere chikutha koma thupi silinabwerere: tipemphe bwanji masiku ena?

Amayi ndi atsikana anzathu, lero tikambirane za tsiku lija linalembedwa pa fomu ya tchuthi, tsiku lobwerera ku ntchito. Tsikuli limatha kusintha, koma tiyenera kupempha lisanafike. Likangodutsa tili kunyumba popanda chilolezo, nkhani imasanduka ya kujomba, ndipo kujomba popanda chifukwa chomveka kumachotsetsa ntchito.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, gawo 47, limapatsa mayi masabata osachepera 8 a uchembere, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Gawo lomweli likuti ngati mayi kapena mwana wadwala chifukwa cha mimba kapena kubereka, ndipo dokotala wovomerezeka watsimikiza, abwana aziwonjezera masiku. Koma tcherani khutu apa: kuchuluka kwa masikuwo amasankha ndi abwanawo. N'chifukwa chake kalata ya dokotala ndi imene imatimenyera nkhondo. Isangoti "akudwala" basi. Inene kuti vutoli lachokera ku uchembere, komanso kuti pakufunika masabata angati.

Tiyerekeze kuti mnzathu wina anayamba tchuthi Lolemba pa 2 Juni, ndipo akuyenera kubwerera pa 28 Julayi. Anachira kudzera pa opaleshoni, bala likuchedwa kupola. Asadikire pa 27 usiku, ayi. Cha pa 14 Julayi apite kuchipatala, atenge kalata, alembere abwana ndi ofesi yoona za antchito. Alembe mwachidule kuti tchuthi chake chovomerezeka chikutha liti, kuti akupempha masabata atatu owonjezera, ndi kuti adzabwerera pa 18 Ogasiti. Atchule tsiku lenileni. Mawu oti "ndibwera ndikapeza bwino" amawapatsa abwana mpata wokana.

M'kalata momwemo afunse poyera: kodi masiku owonjezerawa alipidwa? Ambiri timachita manyazi kufunsa za ndalama, kenako timakadabwa pa mapeto a mwezi. Abwana akati salipira, pali njira ina. Amene amagwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi cha pachaka, omwe ndi masabata atatu ndendende. Ngati sanawagwiritse ntchito, apemphe kuti alumikizidwe ku tchuthi cha uchembere.

Ndiye pali msampha uwu. Abwana amatha kunena pafoni kuti "musadandaule, pumulani", mawa lake n'kuiwala, kapena kusamutsidwa. Tikatha kulankhula, titumize uthenga wobwereza zimene tagwirizana, ndipo tisunge yankho lawo pamodzi ndi chithunzi cha kalata ya dokotala. Akakhala chete sikuti avomera. Tsiku lakale likadali pomwepo. Pakatha masiku atatu tikumbutse molemba. Akakana chikhalirecho kalata ya dokotala ilipo, titenge mapepala onsewo tipite nawo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lathu, pa 28 Julayi pasanafike.