Kulemba Wothandizira Woyamba mu Saluni: Malipiro a Pamwezi Kapena Komishoni?

(Mawu amene mneneri wa khonsolo anayankhula pamsonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono a m'wodi)

Pempho limene linafika ku ofesi yathu linachokera kwa amayi a masaluni, ndipo funso lawo linali lakuti: ntchito ikachuluka moti manja awiri sakukwanira, munthu woyamba kumulemba timusankhe bwanji, timuphunzitse chiyani, ndipo timulipire motani? Ndiyankhula za saluni, koma a malo ometera nawonso atolapo zawo.

Musanayambe kufunafuna munthu, tengani kabuku ndipo kwa mwezi wathunthu muzilemba kasitomala aliyense amene wabwerera chifukwa munali otanganidwa, pamodzi ndi ntchito imene amafuna. Loweruka limapusitsa. Benchi ikadzaza tsiku limenelo mumaona ngati mukufunika anthu atatu, chonsecho Lachiwiri mumakhala nokha mukuingitsa ntchentche. Ngati obwererawo ndi a Lachisanu ndi Loweruka basi, mukufunika munthu wa masiku awiri pa sabata. Ngati akubwerera sabata yonse, ndipo ndalama zimene akadalipira zikuposa malipiro a munthu mmodzi, nthawi yolemba wantchito yakwana.

Posankha, satifiketi njabwino, makamaka ya maphunziro ovomerezedwa ndi TEVETA, koma luso lake limaonekera pa ntchito imene wagwira. Muitaneni tsiku lopanda anthu ambiri, mumupatse mutu wa mbale wanu kapena mwana wanu, aluke mizere isanu yokha. Yang'anani ngati mizereyo yagawidwa mowongoka ndi mofanana. Kenaka yang'anani pamphumi ndi m'mbali mwa makutu: khungu likakokeka, kapena wolukidwayo akamakwinya nkhope, dziwani kuti dzanja lake ndi lolemera. Kuluka kothina kumatulutsa tiziphuphu m'mphepete mwa tsitsi, ndipo kukabwerezedwa kawirikawiri tsitsi la pamphumi limathothoka, nthawi zina osameranso. Onaninso ngati wasamba m'manja asanayambe ndiponso ngati watola zinyalala atamaliza popanda kuuzidwa. Liwiro lisakudetseni nkhawa, limabwera ndi kuzolowera.

Pamaphunziro, ine ndimalimbikitsa kuyamba ndi ntchito zimene cholakwa chake chimakonzeka, ndi kumalizira zimene cholakwa chake sichikonzeka. Masabata oyamba akhale a ukhondo: kutsuka zipeso ndi maburashi pakati pa kasitomala ndi mnzake, chifukwa chipeso chimodzi chikhoza kusamutsa zipere kuchoka pamutu wina kupita pamutu wina; kusintha matawulo; kumasula tsitsi popanda kulidula; kutsuka mutu ndi nsonga za zala osati zikhadabo; ndi kuyesa kutentha kwa draya. Zikatero abwere ku kuluka ndi kulumikiza meshi, inu mukuyamba mutu, iye akumaliza kumbuyo.

Mankhwala owongola tsitsi akhale omalizira, ndipo pamitu ingapo yoyamba muziima pambali pake. Aphunzire kuvala magolovesi, kupaka mafuta oteteza khungu m'mphepete mwa tsitsi ndi pamakutu, ndi kupaka mankhwalawo pa tsitsi lomera kumene lokha, osati pa limene linawongoledwa kale, popeza likapakidwa kawiri limaduka. Nthawi imene yalembedwa pa chitini aziyeza ndi wotchi, osati ndi maso, ndipo akatsuka agwiritse ntchito shampu yothetsa mphamvu ya mankhwalawo. Koposa zonse aphunzire kukana. Kasitomala amene wangomasula tsitsi lero, kapena amene wakhala akukanda m'mutu, ali ndi timabala timene mankhwala adzalowamo ndi kumuwotcha. Ameneyo auzidwe mwaulemu kuti abwerenso patapita masiku angapo. Wophunzira amaopa kubweza ndalama, choncho mumuuze nokha kuti kukana kotere simudzamudzudzula nako.

Tsopano ku nkhani imene yatisonkhanitsa, ya malipiro. Ndipereka chitsanzo, ndipo ziwerengero zake ndazisankha kuti masamu aoneke bwino. Inu muikemo za saluni yanu.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi saluni ya mipando iwiri pamsika, ndipo walemba mtsikana amene waphunzira kale. M'mwezi wa Disembala, pamene maukwati ndi zikondwerero zachuluka, ntchito yogwiridwa ndi mtsikanayo yalowetsa K600,000. Pa ndalamayi, K200,000 yapita ku meshi, shampu, mafuta ndi mankhwala, ndipo yatsala K400,000. M'mwezi wa Febuluwale, anthu ali kumunda ndipo ndalama yapita ku chimanga ndi fizi, ntchito yake yalowetsa K240,000 yokha. Zipangizo zadya K80,000, yatsala K160,000.

Akagwirizana malipiro okhazikika a K130,000 pamwezi, mu Disembala mayiyu atsala ndi K270,000, koma mu Febuluwale atsala ndi K30,000 yokha, ndipo lendi ndi mayunitsi a magetsi zikumudikira. Mwezi woipa wagwera mwini saluni. Akagwirizana komishoni ya K40 pa K100 iliyonse ya ndalama yotsala, mtsikanayo alandira K160,000 mu Disembala, koma mu Febuluwale alandira K64,000. Apa mwezi woipa wagwera wantchito, amene naye ali ndi nyumba yolipira. Pa njira ziwirizi, funso ndi lakuti adzavutike ndani makasitomala akasowa kapena magetsi akazima tsiku lonse.

Onani bwino mawu akuti "ndalama yotsala", chifukwa mikangano yambiri imabadwira pamenepo. Eni saluni ena amangonena kuti "uzitenga 40 pa 100," osanena kuti pa ndalama iti. Wantchito amawerengera pa K600,000 yonse, n'kuyembekezera K240,000. Mwini amawerengera atachotsa zipangizo, n'kupereka K160,000. Kusiyana kwake ndi K80,000 m'mwezi umodzi, ndipo aliyense amapita kwawo akukhulupirira kuti mnzake wamubera, chonsecho palibe wakuba.

Njira iliyonse imasinthanso khalidwe la munthu. Wa komishoni amathamanga, ndipo kuthamanga kumaoneka pa mizere ya kumbuyo kwa mutu, kumene kasitomala saona mpaka atafika kunyumba. Amakonda mitu ya ndalama zambiri, n'kumazemba kutsuka ana, kusesa ndi kuchapa matawulo, poti ntchito zimenezo zilibe gawo lake. Wa malipiro okhazikika alibe chomufulumizitsa: mutu wa maola atatu ukhoza kutenga asanu, ndipo kasitomala wofika madzulo amauzidwa kuti abwere mawa. Mukaona zizindikirozi, musathamangire kunena kuti mwanayo ndi waulesi kapena wadyera. Nthawi zambiri akungotsatira njira imene mukumulipirira.

Pali mbali ya lamulo imene sindingaidumphe. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaona ngati wantchito munthu amene akugwira ntchito pansi pa ulamuliro wanu ndipo akudalira inu pa chuma. Ngati mumamuuza nthawi yofika ndi yoweruka, akugwiritsa ntchito draya yanu ndipo mitengo mumaika ndinu, ameneyo ndi wantchito wanu ngakhale malipiro ake mukuwatcha komishoni. Motero zimene akulandira zisatsike pansi pa malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa. Chiwerengero chimenechi chimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lino idzakuuzani chimene chilipo panopa. Lamulo lomwelo limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata popanda malipiro owonjezera, limapereka tchuti cha masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, komanso tchuti cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu. Limafunanso kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito mfundo za mgwirizano wawo molemba. Izi zikukhudzanso mwana wa achemwali anu amene mwamutenga kumudzi. Mawu akuti "tikumuphunzitsa" ali ndi malire. Munthu amene akuluka mitu yolipiridwa payekha sakuphunziranso, akugwira ntchito.

Kwa wothandizira woyamba, maganizo anga ndi akuti muphatikize njira ziwirizi. M'miyezi ya maphunziro, itatu mwachitsanzo, mumulipire malipiro okhazikika okha, chifukwa komishoni kwa munthu amene akutsuka mitu ndi kumasula tsitsi ilibe pochokera, ndipo imamukankhira ku mankhwala asanakhwime. Akayamba kugwira mitu payekha, malipiro okhazikikawo akhale maziko, ndipo pamwamba pake muike gawo. M'chitsanzo chathu chija, mayi uja akhoza kunena kuti: K130,000 mwezi uliwonse, kuwonjezera K20 pa K100 iliyonse ya ndalama yotsala imene yapitirira K300,000. Mu Disembala yopitirirayo ndi K100,000, gawo lake ndi K20,000, ndipo mtsikanayo alandira K150,000, mayiyo n'kutsala ndi K250,000. Mu Febuluwale alandira K130,000 yake. Mudzaona kuti njirayi siichotsa vuto la Febuluwale pa mwini saluni. Yankho lake ndi kupatula ndalama ya malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri kuchokera pa phindu la Disembala, ndipo amene sangathe kutero ayambe ndi munthu wa masiku awiri pa sabata.

Gawo lililonse limadalira kabuku. Mutu uliwonse ulembedwe nthawi yomweyo: tsiku, ntchito, mtengo, amene wagwira, ndiponso ngati meshi wabwera nayo kasitomala kapena ndi ya saluni. Mutu umene mwagwira awiri mugwirizaniretu kagawidwe kake. Madzulo nonse awiri musayine. Ndalama za Mpamba kapena Airtel Money zizilowa pa nambala imodzi ya saluni, osati pa foni ya wantchito. Ngongole aziloleza ndinu nokha, ndipo ngati mwaloleza, wantchito asadikire kuti kasitomalayo abweze kuti alandire gawo lake. Iye ntchito wagwira.

Pepala la mgwirizano likhoza kukhala tsamba limodzi lolembedwa pamanja m'Chichewa. Lionetse tsiku loyamba ntchito, maola, tsiku lopuma, malipiro ndi tsiku lolandira, kawerengedwe ka gawo ndi chitsanzo chimodzi cha masamu ngati chimene ndapereka, komanso nthawi yodziwitsana wina akafuna kusiya, imene kwa wolandira pamwezi ndi mwezi umodzi. Mulembemonso nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi: kodi akuloledwa kuluka anthu kunyumba kwake tsiku lopuma? Kumuletseratu n'kovuta kulondola. Chotheka ndi kugwirizana kuti asaitanire kwawo makasitomala amene wawapeza mu saluni yanu, ndipo asatenge zipangizo zanu. Aliyense asunge pepala lake, ndipo mukasemphana pa zimene zalembedwazo, mupite nalo ku ofesi ya zantchito nonse awiri.

A khansala, ndaona kuti kumbuyoko manja akwezedwa kale, choncho ndiima pano kuti timve mafunso.