Kugula chimanga n'kosiyana ndi kugula lonjezo la chimanga

Mukagula matumba a chimanga mumalipira ndalama zonse, chimangacho n'kukhala chanu. Mtengo ukatsika mumangodikira, bola anankafumbwe asalowemo.

Pamsika wa ku Johannesburg amagulitsanso makontrakiti a m'tsogolo. Kontrakiti imodzi ya chimanga choyera ndi matani 100. Tiyerekeze kuti mu Malichi mwalonjeza kudzagula mu Julayi pa R4,000 tani imodzi. Chimangacho ndi cha R400,000, koma inu mwangoikapo chikole, tinene R30,000. Zikumveka zokoma, eti?

Komatu tsiku lililonse msika ukatseka amawerengetsera. Mtengo ukatsika ndi R200 pa tani, mwaluza R20,000 tsiku lomwelo, ndipo mawa lake muyenera kuipereka kuti chikole chikhale chokwanira. Mukalephera amakutsekerani kontrakitiyo. Ngakhale mtengo udzakwerenso sabata yotsatira, inu mudzakhala mutatuluka kale.

Kontrakiti ilinso ndi tsiku lothera. Julayi akayandikira muyenera kuigulitsa isanathe, apo ayi mupeze ndalama zonse, mulandire chikalata cha matani 100 omwe ali m'nkhokwe ya ku South Africa, osati kuno kwathu.