CIFUKWA CACE MBEU ZIMAFOTA PA DOTHI LONYOWA

Nkhani ya lero iri ya cinthu cimene cimazunguza alimi a m'madambo ndi a m'zigwa. Munthu ali yense adziwa kuti mbeu ikasowa madzi imafota. Koma nthawi zina cimanga cimafota dothi liri lonyowa, ngakhale pamene madzi ali ndenden pakati pa mizere. Zocititsa zace ziripo ziwiri: kucuruka kwa madzi amene amatsekereza mpweya ku mizu, ndi mcere wa m'nthaka. Pa zonse ziwiri mbeu imamva ludzu iri pakati pa madzi, koma njira zace nzosiyana, ndipo mlimi wodziwa kuzisiyanitsa sataya feteleza wace pacabe.

Coyamba ndi ici: mizu imapuma. Dothi labwino siliri lothinana monga mwala. Pafupifupi theka lace ndi timipata, ndipo mvula ikakhetsa madzi ace pansi, timipata tokulirapo timadzala ndi mpweya. Mu mpweyawo muli okisijeni, amene muzu umatenthera shuga wocokera ku masamba kuti upeze mphamvu. Ndi mphamvu imeneyo muzu umakula, ndiponso umakoka cakudya ca m'nthaka.

Madzi akakhazikika m'munda amalowa m'timipata tonse, mpweya nucoka. M'madzi namonso muli okisijeni pang'ono, koma amayenda mocedwa koposa: ulendo umene akadauyenda mu mpweya, m'madzi umamtengera nthawi yocuruka ka 10,000. Tsono mizu pamodzi ndi tizirombo tosaoneka ta m'dothi zimatha okisijeni wotsalayo msanga kuposa m'mene watsopano angafikire. M'nyengo yotentha ya dzinja, tsiku limodzi kapena awiri akwanira kuti atheretu.

Okisijeni akatha, muzu sufa pomwepo. Umayamba kusasitsa shuga monga momwe cimera cicitira mu mbiya ya mowa, ndipo m'kati mwace mumapangikadi mowa ndi zowawasa zina. Njira iyi iri yoononga, pakuti pa muyeso womwewo wa shuga muzu umangopeza gawo limodzi mwa magawo ngati 15 a mphamvu imene ukadapeza popuma. Nsonga za mizu, zimene zimafuna mphamvu yambiri, ndizo zimayamba kufa. Ndiponso m'kati mwa muzu mukawawasa, tizipata tating'ono tolowera madzi timatsekeka. Dzuwa likakwera masamba amataya madzi monga mwa masiku onse, koma ocokera pansi safika okwanira, ndipo mbeu imafota iri m'thamanda.

Mlimi angathe kuzindikira bvuto limeneli pokumba phando limodzi. Mizu yamoyo iri yoyera ndi yolimba. Mizu yomira iri yoderako, yofewa, ndipo khungu lace limasupuka ndi cala. Dothi limene limamira caka ndi caka limakhala lotuwa, la mawanga onga dzimbiri, ndipo pena limanunkha ngati dzira lobvunda. Masamba a m'munsi amasanduka acikasu, cifukwa tizirombo ta m'dothi tikasowa okisijeni timasandutsa nayitirojeni kukhala mpweya umene umauluka. Cimanga cacing'ono cosafika m'maondo cikamira cimapirira masiku 2 kufikira 4 okha, ndipo kukatentha kwambiri masikuwo amacepa. Cimanga cacikuru cimalimbako, pakuti cimaturutsa mizu yatsopano pa mfundo za pamwamba, pafupi ndi mpweya.

Nanga mpunga umakhala bwanji m'madzi miyezi yathunthu? Munthu akadula phesi lace kapena muzu wace, nkuyang'anitsitsa, adzaona timabowo tambiri monga ta gumbwa. Timeneti ndi timisewu ta mpweya tocokera ku masamba kufikira ku nsonga ya muzu. Timapangika pamene tizipinda tina ta m'kati mwa muzu, timene akatswiri amaticha maselo, tifa mwa dongosolo nkusiya malo opanda kanthu. Cimanga naco cimadziwa kupanga timisewu totere, koma cimayamba madzi atafika kale, pamene mpweya wina wa m'thupi mwace wochedwa etilini walephera kuturuka nkuunjikana m'mizu. Nchitoyo imatenga masiku, ndipo kawirikawiri nsonga zimakhala zitafa. Mpunga umakhala nato ciyambire, ndiponso umamata khungu la muzu wace kumtunda kuti mpweya usathawire m'matope usanafike ku nsonga. Wocepa umene umaturuka kunsongako umakomana ndi citsulo ca m'dothi, ndico cifukwa cace mizu ya mpunga imaoneka yofiirira ngati dzimbiri.

Nzeru imeneyi iri ndi malire ace: masamba ayenera kukhala pamwamba pa madzi. Mpunga wa mitundu yambiri ukamira wonse umafa pakutha pa sabata imodzi. M'caka ca 2006 akatswiri analengeza kuti apeza cibadwa cochedwa Sub1 mu mpunga wina wamakolo wa ku India. Mpunga wokhala naco ukamira umaleka kukula, nusunga cakudya cace, ndipo ungathe kudikira masabata awiri kufikira cigumula citaphwa.

Tsopano za mcere. Mai ali yense adziwa kuti akathira mcere pa tomato wodula kapena pa nsomba yaiwisi, madzi amaturuka. Lamulo lace ndi ili: pamene pali kakhungu kopyapyala pakati, madzi amacoka kumene zosungunuka ziri zocepa nkupita kumene ziri zambiri. Muzu umamwa mwa lamulo lomweli, pakuti madzi a m'maselo ace ali ndi shuga ndi micere yambiri kuposa madzi a m'dothi. Dothi likakhala la mcere, kusiyana kuja kumacepa, ndipo muzu umabvutika kukoka madzi ngakhale alipo ambiri. Mcere ukaposa, madzi amabwerera kucoka m'muzu kupita m'dothi. Zomwezi zimacitika feteleza akaikidwa mogundana ndi mbeu yongomera: imapsa.

Nthaka yotere imapezeka kumene kumatentha, mvula iri yocepa, ndipo madzi alibe koturukira. M'Malawi imapezeka m'madera ena a Cikwawa ndi Nsanje, ndi m'mbali mwa nyanja ya Cilwa, imene iribe mtsinje woturutsa madzi. Kumeneko anthu akhala akuceza mcere kucokera m'dothi kuyambira kale. Madzi a pansi akakhala pafupi, osafika mamita awiri, amakwera okha monga mafuta m'cingwe ca nyali, dzuwa nkuwaumitsa, mcere nkutsala pamwamba mwa mbuu. Kuthirira nakonso kumaonjeza. Madzi okhala ndi galamu imodzi ya mcere pa lita amamweka ndithu, koma akathiriridwa okwana mamilimita 500 pa nyengo, amasiya matani 5 a mcere pa hekitala, ngati palibe cowutsukira pansi.

Mbeu imadziteteza pocurukitsa zosungunuka m'maselo ace kuti iposebe dothi. Selo liri lonse liri ndi kathumba ka madzi pakati pace. Mcere umene walowa umakankhidwira m'kathumbako, kumene sungaononge kanthu, ndipo uli momwemo umathandiza kukoka madzi. Koma kunja kwa kathumba, kumene nchito za moyo zimacitikira, mcere ndi ululu. Kumeneko selo limaunjika potaziyamu, shuga, ndi zinthu zina zimene limadzipangira lokha, monga cina cochedwa purolini, kuti mbali ziwirizo zilingane. Potero mbeu imamwabe ndi kuimirira njo. Mtengo wace ndi wakuti shuga ndi mphamvu zimene zikadapanga ngala zimathera pa nchito yodziteteza. Ndico cifukwa cace mbeu ya pa mcere imakhala yobiriwira bii koma yopinimbira.

Bvuto la mcere limabwera kawiri. Poyamba ndi ludzu lija: m'masiku oyamba masamba atsopano amaturuka mocedwa ndipo amakhala ang'ono. Pakapita masabata, mcere wokwera ndi madzi umaunjikana m'masamba akale kufikira timatumba tija titadzala. Pamenepo nsonga ndi m'mphepete mwa tsamba zimapsa ngati zawauka ndi moto. Apa ndi pamene pali kusiyana: mbeu yomira iri ndi masamba acikasu ndi mizu yobvunda, pamene mbeu ya pa mcere iri ndi masamba opsa m'mbali, ndipo munda umamera mwa apa ndi apo.

Alangizi amayesa mcere ndi kacipangizo koona m'mene magetsi amadutsira m'madzi ofinyidwa m'dothi, ndipo muyeso wace umalembedwa dS/m. Dothi limachedwa la mcere likafika pa 4, ndiye kuti magalamu ngati awiri ndi theka pa lita. Madzi a nyanja yamcere ali ndi magalamu 35. Ziwerengero zimene Maas ndi Hoffman anasonkhanitsa ku Amereka m'caka ca 1977 zisonyeza kuti mbeu iri yonse iri ndi poyambira pace. Cimanga cimayamba kucepa pa 1.7, ndipo pa muyeso umodzi uli wonse woonjezera cimataya magawo 12 mwa 100. Tsono pa munda wa muyeso 4, zoposa ndi 2.3, kucurukitsa ndi 12 zipereka magawo pafupifupi 28. Mlimi amene akadakolola matumba 20 adzataya asanu kapena asanu ndi limodzi. Pa munda womwewo nyemba, zimene zimayamba kubvutika pa 1, zimataya koposa theka. Mpunga umataya magawo 12. Koma mapira ndi thonje, zimene zimapirira kufikira 6.8 ndi 7.7, sizitaya kanthu. Kupirira madzi si kupirira mcere: mpunga, mfumu ya m'dambo, ugonja kwa thonje pa mcere.

Coopsa koposa ndi pamene mabvuto awiriwa akomana, monga zicitikira m'minda yothirira yopanda ngalande. Muzu wamoyo umakaniza mcere wambiri pakhomo, magawo oposa 90 mwa 100 a umene wabwera ndi madzi, ndipo nchito yaulonda imeneyi imadya mphamvu. Muzu ukamira mphamvu ija imasowa, alonda nagona, mcere nulowa mwaufulu kukwera ku masamba. Cotero mcere wocepa umene mbeu ikadaupirira pa dothi lopuma umaipha pa dothi lomira.

Za cocita, dongosolo lace liri limodzi. Ngalande ndiyo iyambe, kuti madzi a pansi atsike ndi mpweya ubwerere. Pambuyo pace mvula kapena madzi abwino othirira mopitirizako atsuke mcere kupita kunsi kwa mizu. Kuthira madzi ambiri popanda ngalande kumangokweza madzi a pansi pamodzi ndi mcere wace, ndipo kuonjeza feteleza pa mbeu yofota ndi mcere kumakulitsa ludzu lace. Pa dambo lomira ndi mvula, mizere yaitali imakweza mizu ku mpweya. Koma pa munda wa mcere wothirira m'timigula, mcere umasonkhana pamwamba peni peni pa mzere, kumene kumauma koyamba. Tsono mbeu ibzalidwe m'nthiti mwa mzere, kufupi ndi modutsa madzi.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.