Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Achinyamata Ojambula Makanema ku Bangwe

Otsogolera mwambo uno, mafumu athu, a khansala, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amalonda anzanga ochokera kumsika wa Bangwe ndi ku Limbe, makolo, komanso inu achinyamata amene mwamaliza maphunziro ojambula makanema pa foni, ndakulonjerani nonse.

Ine ntchito yanga ndi malonda, kujambula ndasiyira inu. Koma makalata amene mumalemba opempha kuti tikulipireni mutijambulire kanema wotsatsa malonda amafikira anthu ngati ine, ndiye ndati lero ndikuuzeni mmene kalatayo imaonekera kwa woilandira.

Ambiri mwa makalata amenewa amayamba chonchi: dzina langa ndine wakutiwakuti, ndili ndi onditsatira masauzande makumi awiri pa TikTok, ndikupempha kuti mundithandize kuti luso langa lipite patsogolo. Ana anga, mawu akuti "mundithandize" amapha kalata yonse. Mwini sitolo akangowaona amaiika pamodzi ndi makalata opempha chithandizo cha maliro ndi cha timu ya mpira, ndipo akakoma mtima amakutumizirani ya bandulo basi. Inu simukupempha. Mukugulitsa chinthu, ndipo chinthucho ndi makasitomala amene angalowe pakhomo la sitolo yake chifukwa cha kanema wanu. Kalata yonse iyankhe funso limodzi limene wamalonda amakhala nalo mumtima: ndikatulutsa ndalamazi, zibwerera bwanji?

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, ndipo manambala ake ndi ongoyerekezanso. Mtsikana wa ku Namiyango amajambula makanema oseketsa a moyo wa m'minibasi ya Limbe–Bangwe. Akufuna kulembera mayi wina amene ali ndi shopu ya utelala pafupi ndi msika, wosoka mayunifolomu a sukulu. Choyamba ndi nthawi. Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano mu Seputembala, ndiye kalata ifike kumayambiriro kwa Ogasiti, makolo asanagule, nsalu ikadali pa shelefu. Kalata yomweyo itafika mu Novembala, mayiyo sangaiyankhe ngakhale italembedwa mwaluso chotani, chifukwa nthawi imeneyo ndalama ya makolo yapita ku feteleza.

Pamzere wa mutu wa imelo, pamene ambiri mumangolemba kuti "Pempho" kapena kusiya popanda kanthu, iye alembe kuti: "Kanema wa mayunifolomu anu sukulu zisanatsegulire, wa makolo a ku Bangwe". Mayiyo asanatsegule n'komwe wadziwa kale kuti nkhani ndi ya katundu wake, makasitomala ake, ndi nyengo yake. Moni ukhale waulemu koma wachidule, ndipo chiganizo choyamba chionetse kuti munafikako pa shopupo: munaona kuti amasoka mayunifolomu a sukulu za pulayimale zozungulira, ndipo amapinda ndi kuchepetsa pomwepo mwana akayesa. Wamalonda amazindikira msanga kalata imene yatumizidwa kwa anthu makumi asanu posintha dzina lokha.

Tsopano pa manambala, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri mumadzinamiza nokha. Chiwerengero cha okutsatirani sichindiuza kanthu. Ena anakutsatirani chaka chatha n'kuiwala, ena foni inabedwa. Musandiuzenso za kanema mmodzi uja amene anaonedwa ndi anthu 200,000 chifukwa kondakitala anagwa m'matope. Tengani makanema anu khumi omaliza, muwandandalike kuyambira woonedwa pang'ono mpaka woonedwa kwambiri, ndipo nambala ya pakati ndiyo yanu yeniyeni. Tinene kuti kwa mtsikana wathuyu ndi 8,000. Kenako atsegule pamene pa TikTok palembedwa Analytics, kapena Insights ngati ndi pa Facebook, aone kumene oonerawo ali ndiponso misinkhu yawo. Mwina apeza kuti ena ali ku Joni, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Amenewo amaseka nawo, amalembapo ndemanga, koma sadzakwera basi kudzasoketsa yunifolomu ku Bangwe. Ngati mwa anthu khumi aliwonse asanu ndi mmodzi ali mu Blantyre muno, ndiye kuti chimene akugulitsa ndi anthu pafupifupi 4,800, ndipo alembe nambala imeneyi, aikepo ndi chithunzi cha tsambalo monga chikuonekera pa foni. Nambala yaing'ono yoona imandikopa kuposa yaikulu imene sindingaitsimikize. Ndipo akapeza kuti omuonera ambiri ndi anyamata a zaka zosakwana makumi awiri, asavutike kulembera telala wa mayunifolomu, alembere wogulitsa tchipisi kapena wometa tsitsi.

China chimene chimasowa m'makalata anu ndi kanema weniweniyo. Mumati "ndidzakupangirani kanema wabwino", koma wabwino ndi wotani? Fotokozani m'ziganizo zitatu. Mwachitsanzo: mayi akutsika minibasi ndi mwana amene kabudula wake wa chaka chatha wathina, akukangana ndi kondakitala za chenji, kenako akulowa mu shopu, mwana ayesedwa, mtengo utchulidwa, ndipo kumapeto chikwangwani ndi nambala ya foni zionekera kwa masekondi asanu. Kanema mmodzi, wa masekondi 45, woikidwa pa TikTok ndi pa Facebook Lachisanu madzulo kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Mwini shopu adzamuona kaye kanemayo asanatuluke, ndipo ali ndi mwayi wosinthitsa kamodzi. Mawu akuti "kamodzi" musawaiwale. Mukapanda kuwalemba, mudzajambula kanema yemweyo mpaka mvula kugwa, lero mwamuna wake sanakonde nyimbo, mawa mlamu wake akuti chikwangwani sichikuoneka.

Za mtengo, ndikudziwa kuti mumachita manyazi, mumalemba kuti "tidzakambirana" kapena "mudzaona nokha". Mukatero mwandipatsa ine mpeni, ndipo ndidzadula mokomera ine. Werengerani zimene mudzawononge: minibasi, bandulo yokwezera kanema, chakudya ndi kangachepe ka mnzanu wogwira foni, ka mwana wosewerayo makolo ake atavomera, ndi masiku anu awiri ojambula ndi kulumikiza. Tinene kuti zonse pamodzi ndi phindu lanu zakwana K60,000. Musalekere pomwepo, muchitireni wamalonda masamu ake. Ngati mayiyo amapindula K3,000 pa yunifolomu imodzi, akufunika makasitomala atsopano 20 kuti ndalama yake ibwerere. Anthu 20 mwa anthu 4,800 ndi munthu mmodzi mwa anthu 240 aliwonse. Zimenezi akhoza kuzikhulupirira. Koma akanakhala wogulitsa zitumbuwa wopindula K50 pa chimodzi, akanafunika kugulitsa 1,200, ndipo pamenepo inu nomwe mukuona kuti kalatayo yapita kolakwika. Musalonjeze kuti anthu 20 aja adzabweradi, chifukwa zimenezo sizili m'manja mwanu. Lonjezani chimene mungathe: kanema, tsiku lake, ndi lipoti la oonera pakatha masiku asanu ndi awiri. Ndipo lembani kuti mtengowu ndi wa masiku 14 okha. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya m'mawa n'kukhala ina madzulo.

Nanga mayiyo adzadziwa bwanji kuti kasitomala wabwera chifukwa cha kanema? Mupatseni njira yosavuta. Aliyense wotchula mawu ena ake amene anenedwa mu kanemamo achotseredwe K500, ndipo mayi azichonga m'kope. Mwezi ukatha mukawerengere limodzi. Kope limenelo ndi limene lidzakupezereni ntchito yachiwiri, ndipo tsamba lake, mwini atalola, ndi umboni woika m'kalata yopita kwa wamalonda wotsatira.

Kalipiridwe kakhalenso m'kalata momwemo: theka musanajambule, theka lotsalalo kanema atavomerezedwa koma asanatuluke, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake n'kuusunga. Amalonda anzanga, musandiyang'ane choncho, tonse tikudziwa "bwera mawa" wathu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kanema akangotuluka, wachinyamata alibenso chogwirira. Mulembenso kuti mwini shopu akhoza kuika kanemayo pa WhatsApp ndi pa tsamba lake kwa masiku 30, koma akafuna kumugwiritsa ntchito chaka chonse kapena kumulipirira kuti Facebook imufalitse, umenewo ndi mtengo wina. Mukadzayamba kulembera makampani akuluakulu a ku Limbe ndi ku Makata, adzakufunsani invoyisi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo adzadulirathu msonkho asanakulipireni, choncho musadzadabwe ndalama ikadzabwera yoperewera.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakugwetseni m'mavuto ngakhale kalata itayenda bwino. China ndi nyimbo. Nyimbo imene mumavinira m'makanema anu a masiku onse ili ndi mwini wake, ndipo kuiika pa kanema wotsatsa malonda popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira. Komanso TikTok ikhoza kungozimitsa mawu onse, mayi uja n'kutsala ndi kanema wosalankhula amene walipira kale. Bangwe ili ndi anyamata ambiri opanga nyimbo m'timasitudiyo ta m'makwalalamu. Gwirizanani ndi mmodzi, mumulipire pang'ono, mulemberane. China ndi kusanena zoona. Onetsani kuti kanemayo ndi wolipiridwa, poyatsa chizindikiro cha Paid partnership kapena kungonena pakamwa. Musanene kuti nsalu siisuluka ngati simunaichapepo. Bungwe la CFTC limalandira madandaulo a kutsatsa konyenga, koma asanafike kumeneko, mayi wogula yunifolomu yosuluka amadziwa kumene mumakhala. Ndipo wina akakupatsani ndalama kuti munene kuti mankhwala ake amachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ikaneni ngakhale ichuluke.

Kalata yonseyi isapitirire mawu 150, yoti munthu aiwerenge pa foni ali chiimire kuseri kwa kauntala. Maulalo a makanema anu akhale awiri okha, osati kumata kanema wathunthu wodya bandulo ya mwini shopu. Itsekedwe ndi pempho limodzi losavuta kuyankha: "Kodi ndingabwere Lachiwiri m'ma 2 koloko masana ndidzakuonetseni chitsanzo kwa mphindi khumi?" Ndipo tinene zoona, amalonda ambiri a kuno imelo timaitsegula mwa apo ndi apo. Imelo ndi yosungira zimene mwagwirizana. Mukaitumiza, tumizaninso uthenga waufupi pa WhatsApp wonena kuti mwalemba, ndipo pakapita masiku atatu osayankhidwa, valani bwino mupite nokha, nthawi imene mu shopu mulibe anthu ambiri, osati Loweruka m'mawa. Akakana, thokozani, mufunse mwezi umene malonda ake amayenda kwambiri, mudzalembenso mwezi umenewo usanafike.

Otsogolera mwambo, ndaona kuti masatifiketi afika kale patebulo. Itanani mayina, ndiyambe kupereka.