Ukafika ku Joni, nsima siyisowa, imasowa ndi ndiwo

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali, tawalemba kuti amene sanabwere awerenge.

Ena mwa ife tamaliza Fomu 4 ndipo mapasipoti ali m'njira, ena azichimwene athu ali kale ku Joni ndi ku Kepu. Pakati pathu palinso othamanga amene akufuna kuti chaka chamawa adzabwere kudzapikisana nawo pa mpikisano wa onyamula katundu m'phiri, uja woyambira ku Likhubula n'kukwera ku Chambe. Ndiye funso n'lakuti, munthu ukachoka kuno uzidya bwanji kuti thupi lisakuthawe?

Tiyambe ndi ulendo weniweniwo. Basi ikachoka ku Wenela imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Mukawerengera ndi kudikira pa malire, ndi masiku awiri mutakhala pampando. Amayi akukulungirani nkhuku ndi mpunga, zikomo, koma zimenezo idyani m'maola oyambirira. Ku Tete kumatentha koopsa, ndipo mpunga wophika ukakhala m'kontena yofunda tsiku lonse umatha kukutsegulani m'mimba ngakhale usananunkhe. Za tsiku lachiwiri zikhale zouma: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, nachesi kapena malalanje. Ndipo muzimalize musanafike pa Beitbridge, chifukwa zipatso, mbewu ndi nyama zimafuna chilolezo polowa nazo ku South Africa.

Ambiri amakana kumwa madzi poopa kuti basi siyiima. Musatero. Mwani pang'onopang'ono, ndipo chokuuzani ndi mkodzo: ukakhala wochepa, wamtundu ngati tiyi, madzi achepa m'thupi. Ikani m'chikwama mapaketi awiri a Thanzi. Pa malire aliyense tsikani muyendeyende, miyendo isatupe.

Tsopano mwafika. Nkhani yabwino ndi yakuti nsima iliko, amaitcha papa, ndipo ufa wake uli m'shopu iliyonse. Ndi ufa woyera kwambiri, wopanda gaga, koma kuyambira 2003 lamulo la kumeneko limakakamiza opanga ufa wa chimanga kuthiramo mavitamini ndi ayironi. Choncho musavutike kulipira munthu wa basi kuti akubweretsereni thumba la ufa kuchokera kuno. Ndalama imeneyo ili ndi ntchito ina.

Vuto lenileni lili pawiri. Choyamba, kuno thupi limagwira ntchito osadziwa. Kutunga madzi, kupalasa njinga kupita pa Chitakale, kukwera phiri kukatola nkhuni, zonsezo zimapsereza mitanda imene timadya. Uko mukwera takisi, muima m'shopu kapena pa geti tsiku lonse, koma dzanja lizolowera kutapa mitanda itatu yomweyo. Chachiwiri, ndiwo zimasintha. Kuno nandolo, khobwe, chisoso, nkhwani wotendera zimangobwera pa mbale osaziganizira. Uko munthu wotopa amagula chimene chili pafupi: magwinya, amene ndi mandasi aakulu, tchipisi, kota ija ya buledi wobooleza wodzaza tchipisi ndi soseji, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi amatumiza chithunzi, kuno tikuombera m'manja kuti wanenepa, Joni yamuyanja. Koma muyikeni pa njira ya ku Chambe muone ngati afika pakati.

Tiyeni tiwerengere munthu mmodzi. Tinene kuti ndi wothamanga wolemera makilogalamu 60. Munthu wochita masewero olimba amafunika zomanga thupi, zimene a zaumoyo amati mapuloteni, pafupifupi magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa iyeyu ndi pakati pa magalamu 72 ndi 96 patsiku. Zikumveka zambiri, eti? Taonani. M'mawa mazira awiri owiritsa ndi phala lothira supuni ziwiri za chiponde, afika kale pa magalamu 20 ndi kuposerapo. Masana kapu imodzi ya nyemba zophika, magalamu 15. Madzulo theka la chitini chachikulu cha nsomba zija za m'tomato, magalamu 30 kapena kuyandikira. Mtedza wodzaza dzanja, magalamu 7. Nsima nayo imaonjezerako pang'ono. Wafika, ndipo sanagule nyama ya ng'ombe kapena maufa aja odula amene amagulitsidwa kwa onyamula zitsulo.

Nyemba ndiye msana wa nkhaniyi, ndipo vuto lake si mtengo koma nthawi ndi magetsi. M'chipinda cha lendi chokhala anthu anayi, palibe amene angakuloleni kuyatsa mbaula maola atatu tsiku ndi tsiku. Ndiye ziviikeni m'madzi usiku wa Loweruka, mutaye madziwo, muphike mphika waukulu Lamulungu. Ngati pali filiji, gawani m'timakontena ta masiku atatu kapena anayi. Ngati palibe, sonkhanani anayi nonse, mphika umodzi uthe tsiku lomwelo. Chinanso, mphale yathu ija kumeneko imagulitsidwa m'mapaketi, ndipo eni dziko amaiphika pamodzi ndi nyemba. Imakhalitsa m'mimba kuposa buledi.

Zamasamba musanene kuti kulibe. Kabichi ali paliponse, sipinachi wa masamba akuluakulu ndi wotchipa, ndipo amayi ogulitsa m'misewu amakhala ndi morogo, amene nthawi zambiri ndi bonongwe wathu yemweyu. Nsinjiro zikasowa, supuni ya chiponde imatendera bwinobwino. Usipa ndi matemba amapezeka kwa Amalawi anzathu ogulitsa, koma mtengo wake ndi wa chikumbumtima cha kumudzi. Ine ndingati agulidwe a Lamulungu, masiku enawo chitini chikwanira.

Pa shuga ndiye ndilankhule mosabisa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndiwo masupuni aang'ono 12. Kachitini kamodzi ka chakumwa chotsekemera kangathe kukhala ndi oposa theka la mlingo umenewo. Onjezerani tiyi wathu wa ku Mulanje wa masupuni anayi, kawiri patsiku, mwadutsa kale. Ndipo tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi amene thupi limatenga ku nyemba ndi masamba. Atsikana othamanga mumve bwino apa, chifukwa kuchepa magazi kumayamba ndi kutopa msanga pa chitunda. Siyanitsani tiyi ndi chakudya ndi ola limodzi, ndipo mukadya nyemba tsatizani lalanje.

Nanga mitanda? Iyendere tsiku. Tsiku lothamanga mtunda wautali idyani itatu yanu osachita manyazi. Tsiku longokhala pa geti, iwiri kapena umodzi ndi theka, ndiwo ndiye zichuluke. Sikelo simukhala nayo, koma lamba muli naye. Akasuntha bowo limodzi m'miyezi iwiri pamene kuthamanga kwachepa, chotsani chakumwa chotsekemera kaye musanakhudze nsima. Akamalowa m'kati, mukudwaladwala chimfine ndipo miyendo siyikuchira mukathamanga, ndiye kuti mukudya moperewera pofuna kutumiza ndalama zambiri kumudzi. Zimenezonso zimachitika, ndipo kuno sitimva.

Chomaliza kwa othamanga. Mzinda wa Joni uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kutalika kuposa kuno kumunsi kwa phiri. Sabata ziwiri zoyambirira mudzapuma mwawefuwefu, musaganize kuti ndi papa wakupwetekani. Yambani ndi mphindi 20, muthamange awiriawiri kukawala, foni musiye m'nyumba. Amene muli ndi mafunso a mitengo, tifunse azichimwene athu pa gulu la WhatsApp usiku uno, popeza iwo ndi amene akugula.