Ndalama za ku Joni: funsani zimene zifike m'manja

M'mudzi muno mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo ku Joni, ndipo feteleza wa chaka chino ena mwa inu mwagula ndi randi. Lero tiwerengere limodzi ndalama zimene zimatsala m'njira, pakati pa wotumiza ndi inu.

Kampani yotumiza ndalama imadya pawiri. Koyamba ndi chaji, imene imalembedwa poyera pa lisiti. Kachiwiri ndi pa reti, mtengo umene amasinthira randi kukhala kwacha. Apa ndi pobisika. Mukudziwa venda amene amalengeza mtengo wabwino wa soya koma sikelo yake ndi yobera. Reti ndiyo sikelo imeneyo.

Tsiku lililonse la ntchito, banki yaikulu ya Reserve imatulutsa mitengo itatu ya ndalama zakunja: wogulira, wogulitsira ndi wapakati. Wapakatiwo ndiwo muyezo wathu. Kampani ikakupatsani reti yochepera pamenepo, kusiyanako ndi phindu lake, ngakhale pa lisiti sipalembedwa.

Tiyerekeze, kuti masamu asavute, kuti lero randi imodzi ndi K100 pa mtengo wapakati. Mwana wanu ali ndi R2,000 m'manja. Zikanafika zonse osadulidwa, mukanalandira K200,000. Nambala imeneyi muisunge.

Kampani yoyamba ikudula chaji ya R100, ndiye zotsala ndi R1,900. Reti yake ndi K98. Inu mulandira K186,200. Zatsala m'njira ndi K13,800, pafupifupi K7 pa K100 iliyonse.

Kampani yachiwiri yalemba pa chikwangwani kuti kutumiza ndi kwaulere. Mwana wanu akondwa, chifukwa R2,000 yonse ipita. Koma reti yake ndi K90. Inu mulandira K180,000. Zatsala m'njira ndi K20,000, K10 pa K100 iliyonse. Amene amati ndi waulere uja wadya K6,200 kuposa mnzake wodula chaji. Izi zimandipweteka, chifukwa mnyamata amene wagwira ganyu padzuwa mwezi wathunthu amachoka pamenepo akuthokoza, osadziwa kuti wadulidwa kwambiri. Mayiko a dziko lapansi anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike mpaka pansi pa 3 peresenti. Makampani athu awiriwa onse ali kutali.

Koma musachoke pano mukunena kuti alangizi ati waulere ndi woipa nthawi zonse. Ngati chaji ya kampani yoyamba ndi R100 posatengera kuchuluka kwa ndalama, wotumiza R300 yokha atsala ndi R200, ndipo inu mulandira K19,600. Ku kampani yachiwiri R300 yomweyo ikupatsani K27,000. Pa ndalama zochepa chaji ndiyo imaluma, pa zambiri reti ndiyo imaluma. N'chifukwa chake, ngati si za matenda kapena maliro, kuli bwino kusonkhanitsa n'kutumiza kamodzi kusiyana ndi kudontheza sabata iliyonse pamene pali chaji yosasintha.

Ndamva mayi kumbuyoko akuti iwo masamu a peresenti sawatha. Musadandaule mayi, funso ndi limodzi lokha. Wotumiza afunse kuti, "Ndikapereka R2,000 iyi, zonse pamodzi ndi chaji, kwathu alandira makwacha angati?" Afunse malo awiri kapena atatu, kaya ndi Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, koma tsiku lomwelo ndiponso pa ndalama zomwezo, popeza reti imasintha. Aonetsetse ngati chajiyo aichotsa pa R2,000 kapena aiwonjezera pamwamba, chifukwa zikasiyana pamenepo ndiye kuti simukuyeza zinthu zofanana. Amene watchula makwacha ambiri ndiye wotchipa.

Kenako inu kuno muchotsepo zanu. Zikalowa pa foni, ku Airtel Money kapena Mpamba, potapa kwa ejenti pamakhala chaji ina. Zikakhala zokatenga ku boma, werengerani kabaza ndi minibasi, kupita ndi kubwera, komanso tsiku limene simunapite kumunda.

Ena mumapatsira dalaivala wa basi kapena munthu wosintha ndalama pamsewu, poti reti yake imaoneka yonona. Dziwani kuti kumeneko kulibe lisiti, ndipo zikasowa mulibe kokadandaula.

Pempho langa ndi ili: madzulo ano muimbire wanu wa ku Joni. Mumuuze kuti asanapereke ndalama azikutumizirani uthenga wa makwacha amene mulandire, ndipo inu mukatapa muziwerenga ngati akwana musanachoke pa ejenti.