Masekondi 47: ndakatulo yanga yopukwa kwathu

Lero ndikuuzani za ndakatulo imene ndinalemba m'kalasi, momwe inayambira moipa, ndi chimene chinaikonza.

Ine ndikuphunzira ku Glasgow, ku Scotland, ndipo chaka chino ndinatenga phunziro la luso lolemba. Kalasi yake imayenda chonchi: timakhala anthu khumi ndi awiri, aliyense amatumiza ndakatulo yake kukatsala sabata, ndiye tsiku lokambirana mwini ndakatulo amakhala chete pamene anzake akuisenda ngati chinangwa. Saloledwa kudziteteza mpaka onse atamaliza. Ntchito imene tinapatsidwa inali yolemba za malo amene sitili, mizere isapitirire 20.

Ndinati apa ndiye pophweka, kupukwa ndili nako kodzaza thumba. Unali mwezi wa Novembala. Mawotchi kuno anali atabwezedwa kale ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala, moti kusiyana ndi kwathu kunafika maola awiri, ndipo 4 koloko madzulo kumakhala kutayamba kuda. Ndinalemba mizere 18 usiku umodzi. Munali nyanja, munali phiri la Mulanje, chambo, nsima yotentha, dzuwa likulowa. Munalinso mawu ngati "dziko langa lokoma" ndi "mtima wanga ukulira".

Tsiku lokambirana, anzanga anati ndi yokongola. Aphunzitsi sanatsutse, anangotiuza kuti tiyese chinthu chimodzi. Anati tifufute dzina la phiri ndi la nsomba, tiikepo za dziko lina. Mnyamata wina wa ku Greece anaikapo phiri lakwawo ndi nsomba yakwawo, n'kuwerenga mokweza. Abale, ndakatulo ija inayenda bwinobwino, osatsimphina. Pamenepo ndinamva manyazi, chifukwa ndinazindikira kuti ndalemba chikalata choitanira alendo okaona malo. Ine kwathu ndi ku Area 25, ku Lilongwe. Kunyanja ndinapitako kawiri basi, ndipo Mulanje ndinangomuonera pa windo la minibasi.

Panalinso vuto lina limene ndinaliona ndekha. Mawu a ndakatuloyo anali a munthu wothamangitsidwa kwawo. Alipo olemba athu amene anakumana nazodi zimenezo. A Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, kenaka anadzakhala kuno ku Britain. Ine palibe anandithamangitsa. Chondilepheretsa kupita kwathu ndi mtengo wa tikiti ndi mayeso. Ndinabwereka chisoni cha eni ake, n'chifukwa chake chinkandikhwepa ngati jekete ya pakaunjika.

Ndiye ndinadzifunsa kuti, kodi kupukwaku kumandigwira nthawi yanji kwenikweni? Yankho linali m'foni. Amayi amanditumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp, ndipo pali umodzi wa masekondi 47 umene ndinkangoubwereza. Ndinavala zomvera m'makutu, n'kulemba chilichonse chimene chikumveka, sekondi ndi sekondi, kuphatikizapo zakumbuyo. Ndinadziikira lamulo limodzi: chimene sichikumveka mu uthengamo, kapena chimene sindikuchiona m'chipinda changa, chisalowe. Nayi ndakatuloyo.

Amayi akuti feteleza wakweranso.
Kumbuyo kwawo mvula ikuyamba pa malata,
dontho limodzi, awiri, kenaka yonse.
"Anulani zovala!" akukuwa, koma sakuuza ine.
Chitseko cha kukhitchini chikulira ngati kale,
palibe wachithira mafuta.
Mwana amene mawu ake sindikuwadziwa
akufunsa kuti akulankhula ndi ndani.
"Ndi azakhali ako a ku Ulaya."
Kuno ndi 4 koloko, ndayatsa kale getsi.
Ndikubwezera pa sekondi 19,
pomwe mvula ikuyambira.
"Wasowatu, mwanawe," akutero amayi,
uthenga n'kutha.

Mwamva kuti mawu oti kupukwa mulibe. Ntchito yake ikugwiridwa ndi mwana uja. Ndi mwana wa achimwene anga, ndinamusiya ali wakumsana, pano akulankhula, ndipo kwa iye ine ndine dzina chabe la m'foni. Kwathu munthu wopita kunja osabwerako timamutcha mtchona. Mantha anga enieni ndi amenewo, ndipo m'ndakatulo yoyamba ija nyanja ndi phiri zinawaphimba.

Poyamba panali mzere wina kumapeto, woti "Amayi, ndikufuna kubwerera kwathu." Ndinaufufuta. Njira yodziwira mzere wotere ndi yosavuta: uphimbeni ndi chala, muwerenge mokweza popanda iwo. Ngati womvera wamva kale zomwezo, ndiye kuti mzerewo ukungofotokoza zimene ndakatulo yachita kale. Munthu wobwezera uthenga kuti amvenso mvula safunika kunena kuti akufuna kwawo.

Popeza kalasi ndi ya Chingerezi, ndinayenera kuimasulira, ndipo mawu amodzi anakana. Taganizirani za "kusowa". Tikati ndakusowa, ndi chikondi. Tikati mbuzi yasowa, yatayika. Tikati ndasowa ndalama, ndilibe. Ndipo tikakumana ndi munthu n'kumuuza kuti mwasowatu, ndi moni, komanso muli kakudandaula pang'ono. Chingerezi chimafuna kuti usankhepo tanthauzo limodzi, pamene amayi ananena onsewo pakamodzi. Ndiye "wasowatu" ndinamusiya m'Chichewa, popanda kumasulira m'munsi. Koma ndi mawu okhawo amene ndinasiya. Mukadzaza mawu a Chichewa paliponse m'ndakatulo ya Chingerezi, amasanduka zokongoletsa, owerenga n'kumangowadumpha. Amodzi okha, ali pamalo pomwe mizere yonse yawakonzera njira, amamveka ngakhale kwa munthu wosadziwa chilankhulo.

Ulendo wachiwiri m'kalasi, atatu anati ndichotse mzere woyamba, wa feteleza, ati ndi wouma ndipo ukuchedwetsa mvula. Ine chete, paja lamulo. Koma mumtima ndinkadziwa kuti mzere umenewo suchoka. Inu amene muli kunja mukudziwa tanthauzo lake kholo likati feteleza wakwera mu Novembala. Sakukuuzani nkhani za pawailesi. Akupempha osapempha, ndipo ine wa sukulu, amene ndimagwira ganyu ya maola owerengeka, ndinalibe choti nditumize sabata imeneyo. Mwina n'chifukwa chake ndinkathawira pa sekondi 19, kulumpha poyambira. Anzanga aja sanalakwe kunena pomwe anapunthwa, ndipo mawu awo anandithandiza kufupikitsa mzerewo, umene poyamba unali ndi mtengo wa thumba ndi zina zambiri. Koma kupunthwa kwa owerenga si chifukwa chokwanira chochotsera chinthu chimene chanyamula ndakatulo.

Ngati nanunso mukufuna kulemba yanu, tsegulani uthenga umodzi wochokera kwanu, mumvere zimene zikuchitika kumbuyo kwa wolankhulayo, muzilembe mu ndondomeko yake. Kenaka yesani kusintha mayina a malo. Ikakana kusamuka, ndiye kuti ndi yanu.

Ine yangayi ndinawawerengera amayi pa foni. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye azungu onsewo amva kuti chitseko chathu chimalira?" Mawa lake kunabwera uthenga wina. Ndinamvetsera kawiri konse. Chitseko chija anachithira mafuta.